Kankhani kanga ka khadi laukwati, mundiuze ngati kakumveka

Nachisale_wa_Zomba
Abale, ndalemba kankhani kakafupi ndipo ndisanakatumize kwina kulikonse ndati ndiyambe ndi inu, makamaka amene mumagwira ntchito yosindikiza. Ine za makina sindidziwa zambiri, ndinangokhalako maholide awiri m'shopu ya asuweni anga. Musandinyengerere. Nako:

Magetsi anabwera cha m'ma 3 koloko masana, ndipo bambo Chirwa sanafune kutaya ngakhale mphindi imodzi. Makhadi 200 a ukwati amayenera kutuluka tsiku lomwelo chifukwa wapampando wa komiti ankakwera basi ya usiku kupita nawo ku Mzuzu. Mapepala olimba aja anali ataikidwa kale m'makina. Tadala, amene anali atangotha miyezi inayi pantchitopo, anapatsidwa fulashi n'kuuzidwa kuti angoyala makhadiwo anayianayi patsamba, basi.

Akuyala, maso ake anagwera pa mzere wagolide wapakati: Loweruka, 12 Okutobala 2025. Sanadziwe chimene chinamuluma mumtima. Kenako anakumbukira kuti mng'ono wake anabadwa pa 12 Okutobala, ndipo kunyumba anali atagwirizana kale kuti chaka chino adzamuphera nkhuku akaweruka kutchalitchi. Anatulutsa foni, natsegula kalendala. Pa 12 linali Lamulungu.

"Bwana, tadikirani kaye."

"Iwe, magetsi awa si a amalume ako. Tumiza."

"Deti silikugwirizana ndi tsiku."

Bambo Chirwa anasuzumira pa kompyuta, magalasi ali pamphuno. "Eni ake anavomereza. Ife timasindikiza zimene tapatsidwa."

Tadala anaimbira wapampando, foni inali yothima. Anaimbira mkwatibwi, inangoitana mpaka kudula. Anayesa kudina pa 12 paja kuti alembepo 11, koma zilembo sizinalole. Amene anakonza khadilo anali atazisandutsa zithunzi, ndipo fonti yake munalibe m'kompyuta ya m'shopumo. Makina anali atayamba kale kulira kumbuyo kwake.

Anakulitsa mzerewo mpaka unadzaza sikirini yonse. Anachotsa 2, natenga 1 wa kumanzere uja, namupanga awiri, n'kumukankhira pang'onopang'ono kumanja mpaka mpata unaoneka bwino. Loweruka, 11 Okutobala 2025. Dzanja likunjenjemera anatumiza. Tsamba loyamba linatuluka lotentha, ndipo foni yake inalira. Anali mkwatibwi. "Achemwali, ndaona misidikolo. Ukwati wathu wa pa 11 uja zili bwanji?"

Kathera pamenepo. Ndiye funso langa: zoterezi zingachitikedi m'shopu, kapena ndanama?

MayiAwiri
Ine ndawerenga mtima uli m'mwamba. Za nkhuku ya mng'ono wake zija zandisangalatsa, chifukwa anthufe madeti timawakumbukira choncho, osati ndi kalendala.

Madala_Gilotini
Mwana wanga, kalembedwe kali bwino, koma Tadala ameneyu akanakhala wa m'shopu mwanga akanalandira kalata yomuchenjeza tsiku lomwelo, ngakhale zinamuyendera. Ndifotokoze.

Iye wapeza kuti Loweruka ndi 12 sizikugwirizana. Pamenepo wachita bwino kwambiri, ambiri sakanaona. Koma chimene wadziwa ndi chakuti chimodzi mwa ziwirizo n'cholakwika. Sanadziwe kuti ndi chiti. Iye wangoganiza kuti Loweruka ndiye loona, 12 ndiye wabodza. Nanga ukanakhala ukwati wa a Seventh Day? Amenewo Loweruka ndi Sabata, maukwati awo ambiri amachita Lamulungu. Asilamu nawonso maukwati ambiri amachita Lamulungu. Ndiye kuti 12 akanakhala woona, ndipo mawu ofunika kusintha akanakhala Loweruka. Mtsikana wanuyu akanasindikiza makhadi 200 oitanira anthu tsiku lolakwika, ndi dzanja lake, popanda amene anamutuma. Poyamba mlandu unali wa eni ake amene anavomereza zolakwika. Akangosintha yekha, mlandu wonse wausenza iye ndi shopu.

Ine ndadula mapepala zaka zoposa makumi awiri ku Limbe. Ukapeza zotere umaimitsa ntchito. Makina alire, bwana akalipe, basi inyamuke, koma sutumiza mpaka mwini wake atakuuza, ndipo akuuze molemba.

Kondwa265
Madala mwakhwimitsa. Ndi nkhani yopeka iyi, si buku la malamulo a pantchito.

Madala_Gilotini
Wafunsa yekha ngati zingachitike m'shopu. Ndamuyankha.

Nachisale_wa_Zomba
Zikomo madala, za a Seventh Day sizinandifikire m'mutu n'komwe. Koma m'maganizo mwanga khadilo linali ndi dzina la tchalitchi cha CCAP, ndiye Tadala akanadziwa kuti ndi Loweruka. Ndikangowonjezera mzere umenewo sizikwana?

Madala_Gilotini
Zichepetsako, koma sizithetsa. Loweruka lake liti? Pa 11 ndi Loweruka, pa 18 ndi Lowerukanso, pa 4 chimodzimodzi. Munthu wolemba pamanja 18 mothamanga, wina n'kuwerenga 12, zimachitika. Komanso mwina cholakwika ndi mwezi. Mu 2025, pa 12 panagwa Loweruka kawiri, mu Epulo ndi mu Julaye. Nkhani yanu sinanene kuti ikuchitika mwezi wanji.

Nachisale_wa_Zomba
Mu Ogasiti. Ndiikamo mphepo ndi fumbi kuti zidziwike. Koma za pa 18 zija mwandigwira.

Dizayina_Wosauka
Ine ndiyankhe za kompyutazo, poti ndi zimene ndimadyera. Zoti zilembo zinakana kusinthika ndi zoona zenizeni, ndipo mwazilemba bwino. Tikamaliza khadi mu CorelDRAW timasankha zonse n'kudina Ctrl+Q, mu Illustrator ndi Ctrl+Shift+O. Zikatero chilembo chilichonse chimasanduka chojambula, ngati mmene lilili duwa la pakona. Timachita dala, chifukwa ukapita ndi fayilo kushopu kumene kulibe fonti yako, kompyuta yawo imaikapo ina, mayina a akwati n'kutuluka ngati chikwangwani cha pachigayo. Kuipa kwake ndi kumene Tadala wakumana nako.

Njira yobera 1 ija ndinaichitapo ndipo imatheka. Anachita mwayi kuti nambala imene ankaifuna inali pomwepo. Akanafuna 18 akanasakasaka 8 pena pake pakhadipo, mwina pa nthawi ya 8:30, ndipo kawirikawiri mzere umenewo umakhala waung'ono. Ukaukulitsa kuti ufanane ndi wa deti, nthawi zina 8 uja amaoneka wonenepa kapena wowonda mosiyana ndi anzake, makamaka ngati mizere iwiriyo sinalembedwe ndi fonti yolemera mofanana. Akanafuna kusintha Loweruka kukhala Lamulungu ndiye ntchito ya ola lathunthu, kutola chilembo chimodzichimodzi m'mawu ena, ndipo ngati ndi fonti yopotanapotana ya zilembo zogwirana ija imene akwati amaikonda, iwalani.

Pamene ndikukayika ndi apa: mwanena kuti anali akuyala anayianayi patsamba. Ndiye wakonza khadi liti? Ngati anali atayala kale, patsambapo pali makhadi anayi, lililonse ndi 12 wake. Akakonza limodzi n'kutumiza, pa makhadi 200 aja 50 okha ndi amene atuluke ndi 11, enawo 150 atuluka ndi 12. Ndipo choopsa n'chakuti bwana akatenga tsamba loyamba amayang'ana khadi la pamwamba kumanzere, limene iwe wakonza, n'kunena kuti zili bwino. Zoyenera n'kukonza khadi limodzi loyambirira lija, kufufuta anayi akale onse, n'kuyalanso.

Nachisale_wa_Zomba
Eee, izi ndiye ndikanachita nazo manyazi. Ndiye anayianayi ndinalondola? Ndinangokumbukira mmene ndinkaonera.

Dizayina_Wosauka
Munalondola ngati khadilo ndi A5, la 148 ndi 210 mm. Pa pepala la SRA3, lija lokulirapo pang'ono kuposa A3, amakwana anayi pamodzi ndi 3 mm ya m'mphepete imene timasiyira mpeni. Makhadi 200 ndi mapepala 50. Likakhala laling'ono la A6 amakwana asanu ndi atatu, mapepala 25. Nambala zimenezi musaziike zonse m'nkhanimo, mutopetsa anthu. Koma bambo Chirwa atanena kuti "mapepala ndagula 55 okha, ukawononga ugula wekha", owerenga amva kuti palibe mpata wobwereza.

Achimwene_a_Bangwe
Pepani ndangolowa kumene. Makhadi 200 mukupanga zingati? Wanga uliko Disembala.

Kondwa265
Achimwene, werengani kuchokera pamwamba. Palibe akugulitsa makhadi pano, Tadala kulibe, bambo Chirwa kulibe.

Achimwene_a_Bangwe
Aaa. Ndiye mkwatibwiyo anakwatiwa pa 11 kapena ayi?

Kondwa265
Ambuye tithandizeni.

Mphunzitsi_Wopuma
Ine chimene chandikopa ndi gwero la cholakwikacho, ndipo ndikuona kuti wolemba wasankha deti labwino mwina osadziwa. Pa 12 Okutobala 2024 linali Loweruka. Chaka chili ndi masiku 365, amene ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lotsala, ndiye deti lililonse limasuntha ndi tsiku limodzi chaka chotsatira. N'chifukwa chake mu 2025 linagwa Lamulungu. Ndiye pali njira ziwiri zimene cholakwikachi chikanabwerera. Mwina wokonza khadi anatenga khadi la ukwati wina wa chaka chatha, n'kusintha mayina ndi chaka, deti n'kulisiya poona kuti likufanana ndi limene anauzidwa. Kapena a komiti anayang'ana kalendala yakale imene ikadali pakhoma chifukwa cha chithunzi chake chokongola. Kwathu ilipo ya 2019 mpaka lero.

Nachisale_wa_Zomba
Aphunzitsi, ndinasankha dala! Ndinafufuza pafoni. Ndakondwa kuti wina waona.

Jombo_Original
Ndiye n'zosavuta. Chaka chilichonse uzingowonjezera tsiku limodzi. 2023 Lachisanu, 2024 Loweruka, 2025 Lamulungu. Palibenso chifukwa cha kalendala.

Mphunzitsi_Wopuma
Ayi achimwene, mwagwa pomwepo. Pa 12 Okutobala 2023 linali Lachinayi. Chaka cha 2024 Febuluwale anali ndi masiku 29, ndiye madeti onse a pambuyo pake analumpha masiku awiri. Zidzachitikanso mu 2028. Ine pofotokoza ndinanena za chaka cha masiku 365, mwina sindinamveke. Kuwerengera pamtima kumathandiza kukayikira, koma wotsimikiza ndi kalendala.

Jombo_Original
Chabwino, ndalandira choko.

AnaPhiri_Area25
Inu mukuseka koma ine zinandionekera, pa ukwati wa mchemwali wanga. Lathu silinali deti, inali nthawi. Kutchalitchi anatipatsa 8:30 m'mawa chifukwa tsikulo kunali maukwati atatu, koma pakhadi panatuluka 9:30. Tonse a komiti tinaliona khadilo pa WhatsApp, anthu khumi ndi awiri, aliyense n'kuyankha kuti lakongola. Tinakangana za mtundu wa maluwa masiku awiri, wina akuti ofiirira wina akuti oyera. Palibe anawerenga manambala. Tinazindikira makhadi atagawidwa kale theka. Tinakadindisa timapepala tomata pa otsalawo, koma amene anali atalandira kale tinkachita kuwaimbira mmodzimmodzi, ndipo azakhali ena a ku Dedza anafikabe anthu akutuluka m'tchalitchi. Mpaka pano amatinena pamaliro paliponse.

Ndiye zoti "eni ake anavomereza" zimene akunena bambo Chirwa, inde timavomereza, koma sitiwerenga. Timaona kukongola basi.

Madala_Gilotini
N'chifukwa chake ine chala chokweza m'mwamba cha pa WhatsApp sindichiwerengera ngati kuvomereza. Ndimasindikiza khadi limodzi papepala wamba, mwini wake abwere, ndimupatse cholembera, awerenge mokweza tsiku, deti, mwezi, chaka, nthawi, malo ndi manambala a foni, ine ndili ndi kalendala m'manja. Akatero asaine ndi kulemba deti la tsikulo. Amene ali kutali ndimamuuza kuti andilembere uthenga wa mawu ake, kuti ukwati ndi wa tsiku lakuti pa deti lakuti, osati kungoti "zili bho". Ena amakwiya, amati ndikuwatenga ngati ana. Akwiye.

MayiAwiri
Koma makhadi a masiku ano atha ntchito abale. Anthu amamva za ukwati kutchalitchi akamalengeza, ena pa WhatsApp. Khadi langokhala tikiti yolowera kuholo, lija amalemba kuti khadi limodzi munthu mmodzi, ana ayi.

Kondwa265
Ndipo amene amabwera opanda khadi ndi amene amavina kwambiri pa perekaniperekani.

AnaPhiri_Area25
Kuvina amavina, koma amaponya zingati? Amasinthitsa kandalama kamodzi kukhala timapepala tambirimbiri n'kumazungulira nyimbo zitatu.

Achimwene_a_Bangwe
Zimenezo ndiye zikundidetsa nkhawa za Disembala. Holo yake ndi ya anthu 250 koma mayina afika kale 400, mbali ya akazi okha.

Jombo_Original
Chitirani pabwalo la sukulu achimwene, mvula ikakupezani ndi madalitso.

Dizayina_Wosauka
Tibwerere kwa Tadala. MayiAwiri mwakhudza chinthu chimene nkhaniyi yasiya. Ngati eni ake anavomereza khadilo, ndiye kuti chithunzi chake chili kale m'mafoni a anthu, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira, mkwatibwi akangolandira amaika pa sitetasi tsiku lomwelo. Ndiye ngakhale mapepala atuluke ndi 11, chithunzi cha 12 chikuyendabe. Tadala akamaliza kusindikiza ayenera kutumiza chithunzi chatsopano ndi kuwauza kuti chakalecho achichotse. Komanso deti silikhala pamalo amodzi. Limakhala pakhadi, nthawi zina pa envelopu, pa pulogalamu ya kutchalitchi, pa timapepala tomata pa mabotolo a madzi. Onsewo amakopera pa fayilo imodzi yomweyo.

Ndipo china chimene chinandipweteka ine ndemwe: ndinakonza dzina la mkwati bwinobwino, kusunga, koma ku makina ndinatumiza PDF yakale chifukwa mafayilo anali motere:

```
khadi_final.pdf
khadi_final2.pdf
khadi_final_yeniyeni.pdf
```

Panopa ndimaika deti ndi nthawi pa dzina la fayilo, zakale ndimazisunthira mu foda ina. Ndipo ndimatulutsa tsamba limodzi kaye, kuliwerenga lonse, kenako 49 otsalawo.

Madala_Gilotini
Tsamba limodzi kaye, pamenepo tagwirizana. Ndipo anyamata a makina a dijito muli ndi mwayi. Nachisale, nkhani yanu ikutheka chifukwa makina ake ndi amenewo, ongotumiza kuchokera pa kompyuta. Pa makina a ofuseti, amene timagwiritsa ntchito zikakhala zambirimbiri, mphindi zomaliza kulibe. Pamakhala mapuleti anayi opangiratu, ya buluu, ya pinki, yachikasu ndi yakuda. Deti likakhala la inki yakuda yokha, upanganso puleti imodzi. Koma inu mwalemba kuti mzerewo ndi wagolide, ndipo golide wosindikiza wamba ndi kusakaniza chikasu, pinki ndi kabuluu pang'ono, nthawi zina ndi kakuda. Ndiye mapuleti atatu kapena onse anayi apangidwenso. Akakhala golide wonyezimira weniweni uja wochita kudinda ndi chitsulo chotentha, ndiye mpaka chitsulocho chisemedwe china. Musadzasinthe n'kulemba kuti anali makina aakulu a mapuleti pofuna kuti nkhani ikule, idzakhala bodza.

Kondwa265
Komabe ine ndikuti kankhaniko kasiyeni mmene kalili. Tadala akaima n'kudikira foni, palibe nkhani. Munthu wakhala pampando akudikira, ndani awerenge zimenezo? Kukoma kwake n'kwakuti waika ntchito yake pachiswe. Anthu m'nkhani amaloledwa kulakwitsa.

Mphunzitsi_Wopuma
Amaloledwa, koma vuto n'lakuti nkhaniyi sikudziwa kuti walakwitsa. Foni ya mkwatibwi ija ikubwera kudzamuombera m'manja. Ndipo mkwatibwi amene amangoyamba ndi "ukwati wathu wa pa 11 uja" sindinamuonepo, akulankhula kuti owerenga amve, osati Tadala. Wolemba akafuna kusunga zoti anatumiza asanamve, ndiye atisiye ndi mantha. Foni ilire mapepala akutuluka, iye aiyang'ane, nkhani ithere pomwepo tisanadziwe.

MayiAwiri
Ayi aphunzitsi, nkhani zothera m'malere zimanditopetsa. Ndikufuna ndidziwe.

Nachisale_wa_Zomba
Ndakhala ndikulemba uku mukukangana. Ndayesa njira ina, kuyambira pamene mafoni awiri aja akanika:

Pansi pa khadilo panali manambala awiri a anthu oti uwadziwitse ngati udzabwera. Tadala anaimba yoyamba. Anayankha mayi wina, kumbuyo kukumveka chigayo.

"Pepani mayi, ndikuimba kuchokera kosindikiza makhadi. Ukwati wa a Yamikani ndi wa tsiku liti?"

"Loweruka."

"Pa deti lanji?"

"Limene lili pakhadipo. Simunalione?"

Tadala anatseka maso. "Pakhadi pali 12, koma pa 12 ndi Lamulungu."

Kunangoti zii, chigayo chokha. Kenako mayiwo anaitana munthu wina patali, kufunsa kuti holo ija analipira ya tsiku liti. Panadutsa mphindi ziwiri, mayunitsi akutha, bambo Chirwa ataima pambali pake manja m'chiuno. Uthenga unalowa: chithunzi cha lisiti ya holo, chopindika, chala cha munthu chikuoneka pakona. Pa 11 Okutobala.

Kenako ndiye akuba 1 uja, kufufuta anayi akale, kuyalanso, kutulutsa tsamba limodzi. Mukuti bwanji?

Dizayina_Wosauka
"Limene lili pakhadipo." Ndaseka mpaka anzanga andiyang'ana. Amayankha choncho ndithu.

Madala_Gilotini
Lisiti ya holo ndi umboni wabwino, kuposa mawu a pakamwa. Ine ndikanafunabe mkwati kapena mkwatibwi alembe yekha, chifukwa holo ena amalipira kuyambira dzulo lake kuti akongoletse. Koma uyu sindingamulembere kalata.

Kondwa265
Yoyamba ija inali ndi moto. Iyi ndi yolondola koma Tadala wasanduka kalaliki.

AnaPhiri_Area25
Kalaliki ameneyo akanakhalapo pa ukwati wa mchemwali wanga, bwenzi azakhali a ku Dedza akutipatsa moni.

Nachisale_wa_Zomba
Madala, zoti holo amalipira kuyambira dzulo lake mwandisokonezanso. Ndiye lisiti ya pa 11 ikhoza kutanthauza ukwati wa pa 12? Ndigona nazo. Mwina mayi wa kuchigayo uja akhale mkazi wa mkulu wa mpingo, atumize tsamba la zolengeza za kutchalitchi m'malo mwa lisiti. Kapena ndisiye lisiti yomweyo, bambo Chirwa anene zimene mwanenazi makina atayamba kale kutulutsa.

Achimwene_a_Bangwe
Ndangoyang'ana khadi langa la Disembala limene anatumiza dzulo. Tsiku ndi deti zikugwirizana, koma nambala yanga ya foni yaperewera nambala imodzi. Dizayina_Wosauka, ndakulemberani kumbali.